Funsani tsiku lolandirira musanafunse kuti ndi zingati

Tchuthi chapitachi sindinapite kumudzi. Ndinatsala ku Chikanda kuno ku Zomba poganiza kuti m'tauni ganyu sangasowe, komanso ndalama yothera pa basi ndinaona kuti bola ndidyere. Pofika sabata yachiwiri ya Ogasiti ndinali ndi K42,000 yokha, ina mu Airtel Money, ina m'thumba la jekete. Lendi ya chipinda inali K25,000 ndipo inkafunika pakutha pa mwezi. Nditaipatula ndinatsala ndi K17,000. Pa tsiku ndinkadya K2,500 ndikadzimana kwambiri: ufa ndinali nawo, koma makala, tomato, bonya ndi kasopo zimafuna ndalama. Nditagawa ndinapeza kuti ndili ndi masiku asanu ndi limodzi, lachisanu ndi chiwiri ndidya kamodzi.

Chimene ndikufuna kunena m'nkhani ino chinachokera pa masamu amenewo. Ife ana asukulu tikamasaka ntchito yapakanthawi timayamba ndi funso lakuti amalipira zingati, kenako timafunsa ngati ntchitoyo ingaoneke bwino pa sivi. Mafunso onsewa ndi abwino kwa munthu amene ali ndi chakudya cha mwezi wathunthu. Kwa amene watsala ndi cha sabata imodzi, funso loyamba liyenera kukhala lakuti ndalamayo ifika m'manja mwanga tsiku liti. Ntchito ya K150,000 yolandira pakatha masabata asanu ndi awiri ikhoza kukusiya pamavuto kuposa ya K4,000 yolandira madzulo aliwonse. Ndikunena izi chifukwa zonse ziwiri ndinazigwirapo.

Ya K150,000 ija ndinaigwira tchuthi cha chaka chatha. Inali ya kafukufuku, yoyenda m'midzi ndi tabuleti kufunsa anthu mafunso. Ntchito zotere ku Zomba kuno zimamveka kawirikawiri, ndipo mwana wa pa Chanco aliyense amazilakalaka. Anatilonjeza K15,000 pa tsiku kwa masiku khumi, ndipo kontirakiti tinasaina ndithu. Chimene sindinachiwerenge bwino chinali kachiganizo kakuti malipiro adzaperekedwa mayankho onse akaunikidwa ndi kuvomerezedwa. Panalibe deti. Tinamaliza ntchito, tinabweza matabuleti, n'kuyamba kudikira. Sabata yoyamba anati mayankho akadaunikidwa. Yachitatu anati wosainira cheke ali ku Lilongwe. Pagulu lathu la WhatsApp anthu anayamba kutumiza zithunzi za mbale zopanda kanthu, nthabwala zoseketsa koma zowawa.

Ine lendi sinandidikire. Ndinakatenga katapira wa K40,000 wobweza ndi chiwongoladzanja cha K20,000 pa mwezi, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndibweza mwezi usanathe. Malipiro anabwera patatha masabata asanu ndi awiri, mwezi wachiwiri utalowa kale, ndiye ndinabweza K80,000. Pa ndalama yonse ija, K40,000 inapita kwa munthu amene sanayende nane ngakhale mudzi umodzi. Sindikunena kuti amene anatilemba anatibera, poti analipira zonse zimene analonjeza. Cholakwa chinali changa: ndinalowa ntchito yofuna munthu wokhala ndi podikirira pomwe ine ndinalibe.

N'chifukwa chake chaka chino, uthenga wa kafukufuku wina utazungulira pamafoni, ndinafunsira ndithu koma sindinauwerengere. Kufunsirako nakonso kumadya ndalama, ndipo izi anthu sazinena. Fotokope ya satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika, bando yotumizira imelo, kabaza wopita ku intavyu, zonsezi zimachoka pa ndalama ya ndiwo. Kalata zitatu zokha zikhoza kukudyera chakudya cha masiku awiri, yankho osabwera. Ndinadziikira malire akuti pa K17,000 ija, yosakira ntchito isapitirire K2,000.

Poyamba ndinaganiza zophunzitsa ana mwapadera, chifukwa ndi ntchito imene ndimaidziwa. Ndinayenda nyumba zingapo ku Matawale, ndipo mayi wina anandiyankha mosapita m'mbali kuti, "Mwana wanga, ukubwera pano mayeso atatha? Ukanabwera mu Malichi." Ananena zoona. Makolo amalipira mphunzitsi wapadera pamene mayeso a MANEB akuyandikira, ndipo mu Ogasiti ana a Fomu 4 amakhala atalemba kale, ena onse ali patchuthi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ganyu wa m'tauni ali ndi nyengo zake monga ulimi, ndipo zambiri mwa nyengozo zimatsatira ulimi womwewo. Anthu akakolola ndalama zimayenda, zomangamanga zimachuluka chifukwa mvula yasiya, njerwa zimaumbidwa, ogula mbewu amatsegula masikelo. Anzathu a ku Lilongwe amadziwa mmene Kanengo amadzadzira anthu msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo. Mvula ikayamba, makamaka Januwale ndi Febuluwale, zambiri mwa izi zimaima, ndipo ofuna ganyu amachuluka kuposa olemba. Munthu wosaka ntchito ayenera kudzifunsa kuti mwezi uno ndalama ikuyenda kuti. Kuno kum'mwera, mu Ogasiti ndi Sepitembala, imayenda pa nandolo.

Ntchito ya pasikelo sindinaipeze pa chikwangwani kapena pa foni. Anandiuza ndi amayi amene ndimagulako mandasi m'mawa pafupi ndi msika wa Mpondabwino. Ndinawauza mosabisa kuti zinthu zandithina ndipo ndikufuna ganyu wolandira pa tsiku. Mawa lake anati, "Achimwene, bambo aja ogula nandolo mnyamata wawo wolemba wathawa. Pitani mamawa asanatsegule, mukanene kuti ndakutumani ndine." Kwa masabata awiri m'mbuyomo ndinali ndikubisa vuto langa, kuyenda ndi chikwama cha mabuku ngati munthu amene zake zili bwino. Anthu amene amadziwa kumene kwatseguka mpata ndi omwewa timawadutsa tsiku ndi tsiku: ogulitsa mandasi, alonda, akabaza, eni nyumba. Sangakuuze ngati sakudziwa kuti ukufuna.

Ndinafika isanakwane 6 koloko. Sindinanene kuti ndikufuna ntchito iliyonse, chifukwa mawu amenewo amamusiyira wolemba ntchito yoganiza kuti akuike pati, ndipo alibe nthawi imeneyo. Ndinati ndimatha kulemba buku, kuwerengera ndalama msanga, ndipo ndikhoza kuyamba pompo. Za kuyunivesite sindinazitchule mpaka atafunsa okha. Atamva anaseka nati, "Asukulu inu mumachedwa kuthawa ngati? Fumbi la nandolo mulipirira?" Ndinawauza tsiku lenileni lotsegulira sukulu, kuti adziwe kuti ali nane masabata asanu. Ndikuganiza kuti chimene chinawakopa ndi chimenecho, kuti sadzadzuka tsiku lina n'kupeza wolemba kulibe.

Tinagwirizana K4,000 pa tsiku, kulandira madzulo tikatseka buku. Ndikudziwa kuti ndalama imeneyi ndi yochepa. Mu 2025 boma linakweza malipiro otsikitsitsa a ntchito zambiri kuchoka pa K90,000 kufika pa K126,000 pa mwezi, ndipo mukagawa ndi masiku 26 ogwira ntchito mupeza pafupifupi K4,850 pa tsiku. Ndinalandira yosafika pamenepo ndikudziwa, ndipo sindikunyadira. Koma taonani mbali inayo. Malowo ndinkapita wapansi, ndiye thiransipoti panalibe. Masana tinkadya nsima limodzi ya bwanayo. Mnzanga wina anapeza ganyu wa K6,000 pa tsiku kumsika wina wakutali, koma K3,000 inkathera paulendo wopita ndi kubwera, chakudya n'chogula yekha. Madzulo iye ankafika ndi yochepa kuposa ine. Malipiro enieni ndi amene atsala ukafika pakhomo.

Ntchitoyo payokha ndi yosavuta kuifotokoza. Mlimi kapena venda wamng'ono amabwera ndi nandolo m'thumba, m'beseni kapena m'ndowa. Anyamata amakoleka pasikelo, iwe umawerenga makilogalamu, kulemba m'buku, kuchulukitsa ndi mtengo wa tsikulo, n'kupereka ndalama. Nandoloyo amakhuthulidwa pa lona, kenako amathiridwa m'matumba a makilogalamu 50 n'kusokedwa. Madzulo makilogalamu a m'buku ayenera kufanana ndi a m'matumba, ndipo ndalama yotsala m'chikwama iyenera kugwirizana ndi zimene walipira. Zikasiyana, imeneyo ndi shoti, ndipo shoti ndi imene inathawitsa mnyamata amene ndinalowa m'malo mwake.

Inandipeza tsiku lachitatu. Buku linkati tagula makilogalamu 612. Matumba osokedwa anali 12, kutanthauza makilogalamu 600, ndipo pa lona panalibe chotsala. Makilogalamu 12 anasowa. Tsiku limenelo tinkagula pa K800, ndiye shoti inali K9,600, malipiro anga a masiku awiri ndi kachidutswa. Bwana anati ndalamayo ichoka kwa ine chifukwa cholembera chili m'manja mwanga. Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, ndipo usiku umenewo ndinagona ndikuwerengera m'mutu kuti nandolo wolemera ngati mwana wamng'ono angasowe bwanji anthu tonse tikuona.

Palibe anaba. Nditaganiza bwino ndinapeza kuti anatha pang'onopang'ono m'manja mwanga momwe. Tsikulo tinagula kwa anthu oposa makumi anayi, ambiri obwera ndi tochepa. Sindinkachotsera kulemera kwa thumba kapena beseni la wogulitsa. Muvi wa sikelo ukaima pakati pa 7 ndi 8, ndinkalemba 8, chifukwa wogulitsayo ndi agogo amene ayenda kuchokera kutali ndipo akukuyang'ana m'maso. Kotala ya kilogalamu pa munthu aliyense, anthu makumi anayi, ndi makilogalamu khumi amenewo. Otsalawo anapita ndi zinyalala: makoko, timiyala ndi mchenga zimene zimatsalira pa lona pothira m'matumba. Palinso nandolo wosauma bwino, amene amalemera m'mawa koma akakhala padzuwa amapepuka. Ameneyu umamudziwa pomuluma: wouma amathetheka, wosauma amangophwanyika mofewa.

M'mawa mwake ndinapita ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, yobwereka kwa amayi a mandasi aja. Ndinaikoleka pasikelo bwana akuona kuti tonse titsimikize kuti sikelo ikunena zoona, ndipo inali bwino. Kenako ndinawapempha zinthu zitatu. Choyamba, tiyeze thumba lopanda kanthu ndi beseni, tigwirizane chochotsera, ndipo wogulitsa aliyense aziuzidwa asanakoleke katundu wake. Chachiwiri, nandolo wa tsiku limenelo azisokedwa tsiku lomwelo, ine ndilipo, buku tizitseka tonse awiri ndi kusaina. Chachitatu, avomereze kuti kilogalamu imodzi pa makilogalamu 100 alionse ndi yotayika ndi fumbi, isamawerengedwe ngati shoti yanga. Ziwiri zoyambazo anavomera msanga. Chachitatu tinakangana mpaka makasitomala anayamba kufika, koma pomaliza anati, "Chabwino asukulu, koma ikapitirira pamenepo ndi yanu." Ya dzulo lake anandidula theka, K4,800, ndipo anaigawa masiku anayi kuti ndisamapite kunyumba wopanda kanthu.

Pali china chimene sindinachithetse, ndipo chimandivutabe. Kusiya kuzunguliza muvi mokomera wogulitsa kunatanthauza kuti kotala ija tsopano ikuluza ndi agogo aja. Ndinayamba kulemba matheka, 7 ndi hafu, n'kumalipira ndendende, ngakhale zinkachedwetsa mzere ndipo zosintha zinkavuta. Koma ndinaona mmene ntchito imeneyi imamukankhira wolemba kuti adziteteze pobera mlimi, chifukwa shoti ikagwa amalipira ndi iye, pomwe zikapitirira phindu ndi la bwana. Tikamamva alimi akudandaula za masikelo a mavenda, nthawi zina amene wagwira cholembera ndi mnyamata wanjala amene akuopa kudulidwa malipiro. Sindikumuikira kumbuyo. Ndikungonena kuti amene akulowa ntchito yotere adziwiretu kuti yesero limeneli adzakumana nalo sabata yoyamba.

Tsopano ndiyankhe zimene anzanga amanena ndikawafotokozera maganizo amenewa, chifukwa zina ndi zomveka. Amati ukazolowera kuthamangira ndalama ya pa tsiku sudzapeza ntchito yokukweza, poti nthawi yolemba makalata ndi kudziwana ndi anthu a m'maofesi imathera pa lona. Izi n'zoona mbali ina. Masabata asanu amene ndinakhala pasikelo sindinawerenge buku ngakhale limodzi, ndipo palibe bungwe lidzandilembe chifukwa ndimadziwa kuluma nandolo. Koma ine sindikunena kuti ntchito ya kontirakiti ndi yoipa. Ndikunena za ndondomeko yake, kuti chiyambe n'chiti. Ganyu wa pa tsiku ndi amene amakugulira masiku odikirira ntchito inayo popanda katapira. Pamasiku 30 amene ndinagwira ndinalandira K120,000, kuchotsapo K4,800 ya shoti ija. Ndinalipira lendi ya miyezi iwiri, ndinadya, ndipo sukulu potsegulira ndinali ndi kangachepe m'foni, wopanda ngongole kwa munthu. A kafukufuku aja anandiitana mu Okutobala, ndipo ulendo uno ndinatha kufunsa molimba mtima kuti deti yolandirira ilembedwe papepala, chifukwa akanakana sindikanagona ndi njala.

Ena amati kuvomera malipiro osafika pa mlingo wa boma n'kuthandiza olemba ntchito kupondereza anthu. Apa ndilibe yankho lokhutiritsa. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limazindikira mgwirizano wa nthawi yoikika komanso wa ntchito imodzi yoti ikatha basi, ndiye munthu waganyu si kuti ali kunja kwa lamulo. Ofesi ya zantchito ya boma m'boma lililonse imalandira madandaulo a malipiro. Koma kuti ukadandaule pamafunika umboni, ndipo ganyu wambiri amapanganirana pakamwa. Chimene ndinachita ine n'chochepa: titagwirizana ndinawatumizira bwanawo uthenga wa pafoni wobwereza zonse, ndalama yake, nthawi yolandirira ndi tsiku lomaliza, ndipo anayankha kuti "ok". Ndinkalembanso m'kabuku kanga tsiku lililonse limene ndagwira ndi zimene ndalandira. Sizinafunike, koma zikanavuta ndikanakhala ndi choonetsa.

Chimene sindingachivomere n'chakuti munthu alipire kuti apeze ntchito. Ndalama zikamatha m'pamene mauthenga aja amaoneka okoma: tikufuna achinyamata makumi asanu, tumizani K5,000 ya fomu pa nambala iyi. Sabata imene ndinali ndi K17,000 ija ndinaulandira umodzi wotere, ndipo ndisaname, ndinayamba kuwerengera ngati ndingakwanitse. Chinandiletsa n'chakuti uthengawo sunatchule malo amene ndingapiteko ndi miyendo yanga n'kukaona munthu. Kwa amene watsala ndi masiku asanu ndi limodzi, K5,000 ndi masiku awiri athunthu.

Za manyazi ndinene pang'ono, chifukwa ndi zimene zinandichedwetsa kuposa china chilichonse. Mpondabwino ndi pafupi ndi sukulu, ndipo anzanga a m'kalasi amene anatsala m'tauni ankadutsa pomwepo. Tsiku lina mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anandipeza nditayera fumbi mpaka m'nsidze, ndikukangana ndi venda za hafu kilogalamu. Ndinafuna kulowa pansi pa lona. Iye anangondipatsa moni n'kupita. Patatha masiku awiri anandiimbira foni, osati kundiseka, koma kufunsa ngati bwanawo akufuna munthu wina, chifukwa nayenso lendi inali itamukwana pakhosi. Malo panalibe, koma ndinamutumiza kwa amayi a mandasi aja, ndipo anamupezera kogulitsa pa hadiweya ina kwa masabata atatu, kolandira Loweruka lililonse.

Ndikanayambiranso, ndikanachita masamu aja ndili ndi K80,000 osati K42,000. Ndi masiku asanu ndi limodzi sindikanatha kukana K4,000, ndipo bwana uja anaziona pankhope panga m'mawa umene ndinafika. Ndikanakhala ndi chakudya cha masabata atatu ndikanapempha K5,000, ndipo mwina akanavomera, poti nawonso sikelo inali itaima wopanda wolemba. Chaka chamawa ndawauza kale kuti ndidzawaimbira mu Julayi, nandolo asanayambe kutsika m'minda.